Ndikajomba tsiku limodzi ndimasiyiratu: kodi kalendala ya masewera olimbitsa thupi iziyenda bwanji?

Kalaliki25
Ndikupempha nzeru kwa amene munayesapo. Ndimagwira ntchito ya mu ofesi ku Lilongwe, ndipo nditapimitsa kuthamanga kwa magazi anandilangiza kuti ndiziyenda ndawala tsiku lililonse. Ndinakhoma kalendala kuseri kwa chitseko n'kumachonga mtanda tsiku lililonse limene ndayenda mphindi 30 m'mawa, ndipo zinkayenda bwino mpaka pamene kunagwa maliro kumudzi ku Ntcheu. Nditabwerako ndinapeza mabokosi atatu opanda kanthu, ndiye ndinaganiza zobweza masiku otayikawo poyenda ola ndi theka Loweruka. Miyendo inandiwawa mpaka Lachiwiri, sindinatulukenso, ndipo panopa kalendala ija ndimaizemba ngakhale kuiyang'ana. Kodi inu mumatani tsiku lotsatira mukajomba, ndipo masiku ojombawo mumawalemba bwanji?

NaBanda_Zomba
Pepani ndi zovutazo, achimwene. Ine ndikuona kuti vuto silinali maliro, koma ola ndi theka lija. Masewera si ngongole yoti muibweze ndi chiwongoladzanja.

WakuJoni
Kalendala ya pepala ndi yachikale. Ikani pulogalamu pa foni imene imawerenga masiku otsatizana, chifukwa munthu akaona kuti nambala yakwera amachita mantha kuigwetsa, ndipo manthawo ndi amene amamudzutsa m'mawa. Mukangopirira masiku 21 osaphonya chimakhala chizolowezi, ndipo pambuyo pake thupi limadzifunira lokha.

Mphunzitsi_wa_Masewera
A WakuJoni, pa nkhani ya masiku 21 ndikupempha kuti tisiyane maganizo. Pali kafukufuku wodziwika amene Phillippa Lally ndi anzake anachita ku University College London, amene anatuluka mu 2009. Anthu 96 anasankha chinthu chimodzi chatsopano chochita tsiku lililonse kwa masabata 12, ena cha kadyedwe, ena cha masewera, ndipo ankalemba ngati achichita komanso ngati chayamba kuchitika popanda kuchiganizira. Nthawi imene chizolowezi chinkakhazikika inasiyana kwambiri, kuyambira masiku 18 mpaka masiku 254, ndipo wapakatikati anali pa masiku 66. Zamasewera zinkatenga nthawi yotalikirapo kuposa zinthu zosavuta monga kumwa madzi pa nthawi ya chakudya.

Chimene chikukhudza funso la a Kalaliki ndi chakuti ofufuzawo anapeza kuti kuphonya tsiku limodzi sikunawononge kakulidwe ka chizolowezicho. Thupi nalonso silitaya mphamvu chifukwa cha tsiku limodzi kapena awiri. Kutsika kooneka kwa mpweya kumayamba munthu akakhala pafupifupi masabata awiri osachita chilichonse. Choncho chimene chimagwetsa anthu si bokosi lopanda mtandalo, koma zimene amaganiza akaliona. Ena amati zonse zawonongeka ndipo ayambanso pa 1 mwezi wamawa, ena amadzilanga ndi ntchito yowirikiza monga anachitira a Kalaliki. Njira zonse ziwirizi zimathera pamodzi, pampando.

Pulogalamu imene imabwezera nambala pa ziro mukaphonya kamodzi imauza munthu bodza lomwelo, lakuti ntchito yonse ya m'mbuyomo yafafanizika.

WakuJoni
Ndamva za kafukufukuyo ndipo sindikutsutsa, koma ine mantha ogwetsa nambala amandithandiza. Kuno nthawi yozizira ya Juni ndi Julayi palibe china chimene chingandichotse m'bulangete.

NaBanda_Zomba
Amakuthandizani chifukwa nambalayo sinagwebe. Funso la a Kalaliki ndi la munthu amene nambala yake yagwa kale.

Mayi_a_Mapasa
Ngati cholinga ndi kuchepetsa mimba, musiye nsima ya usiku. Mlamu wanga anachita zimenezo ndipo anasintha.

Kalaliki25
Zikomo amayi, koma nkhani yanga si ya mimba. Ndikufuna kudziwa momwe ndingapitirizire kuyenda ndikaphonya tsiku. A Mphunzitsi, ngati kubweza n'kolakwika ndipo kuyambiranso mwezi wamawa n'kolakwikanso, nanga cholondola n'chiti kwenikweni?

Mphunzitsi_wa_Masewera
Ndiyankha pogwiritsa ntchito kalendala yanu yomweyo, chifukwa sindikuona chifukwa choitayira. Chofunika kusintha ndi chakuti ili ndi mayankho awiri okha, mtanda kapena kusowa mtanda, pamene masiku a munthu sabwera mwa mitundu iwiri yokha.

Ikani zizindikiro zitatu. Mtanda ukhale wa tsiku limene mwayenda mphindi 30 zonse. Kadontho kakhale ka tsiku limene mwachita muyezo wochepetsetsa, umene muyenera kuusankha lero lino mutu uli bwino, osati m'mawa wa tsiku lovutalo. Kwa inu ndinganene mphindi 10: kutuluka pageti, kuyenda mphindi zisanu, n'kubwerera. Ngati kunja kukugwa mvula, mphindi 10 zomwezo muzichite m'nyumba, poguba pamalo amodzi, ponyonyomala n'kuimirira, kapena pokwera ndi kutsika sitepe ya pakhonde. Muyezo umenewu ukhale waung'ono kwambiri moti mungachite manyazi kunena kuti munalibe nthawi yake. Chizindikiro chachitatu n'cha tsiku limene simunachite chilichonse, ndipo bokosi lake musalisiye loyera: lembanimo liwu limodzi la chifukwa chake, monga mvula, ulendo, tulo kapena ntchito.

Kenako lembani lamulo pamwamba pa kalendalayo ndi dzanja lanu, ndipo litchule nthawi ndi malo. Mwachitsanzo: ndikajomba tsiku, mawa lake ndikangodzuka, ndisanagwire foni, ndivala nsapato ndi kuyenda mphindi 10 mpaka pamsewu waukulu, ndipo sindiwonjezera mphindi zobweza dzulo. Lamuloli likuletsa zinthu ziwiri, kujomba kawiri motsatizana komanso kudzilanga. Ngati mwatuluka n'kupeza kuti thupi likufuna kupitiriza mpaka mphindi 30, pitirizani ndipo muchonge mtanda, koma musapyole 30.

Chifukwa choletsera kuwirikiza mwachiona kale nokha. Minofu imene yapatsidwa ntchito yoposa imene inazolowera imayamba kuwawa mawa lake, ululu umakula pakati pa tsiku loyamba ndi lachitatu, ndipo masiku amenewo ndi omwe munafunika kukhala mukutuluka. Loweruka lija munapeza ola limodzi loonjezera, koma munalipira ndi Lamulungu, Lolemba ndi Lachiwiri.

Chipiliro_wa_Kabaza
Ine ndimapalasa njinga ya kabaza ku Mzuzu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndi zitunda zonse za kuno. Kodi nanenso ndikufunika kalendala imeneyi, kapena ndi ya anthu a m'maofesi okha?

Mphunzitsi_wa_Masewera
A Chipiliro, mtima ndi miyendo yanu zikugwira kale ntchito yoposa imene tikukambirana pano, ndipo kuwonjezera kuyenda sikungakupindulireni. Ngati mungafune kalendala, yanu ingakhale yochonga tsiku lopuma komanso masewera ochepa olimbitsa msana ndi mapewa. Koma tisachoke pa funso la a Kalaliki.

Mkulu_wa_Chilomoni
Ine kadontho kameneka sindikugwirizana nako. Ndakhala ndikuthamanga kuyambira ndili mnyamata, ndipo ndikudziwa momwe mtima wa munthu umachenjerera. Mukangoupatsa khomo laling'ono lotulukira, uzidutsa pamenepo tsiku lililonse. Pakutha pa mwezi kalendala idzakhala yodzaza ndi timadontho, mwiniwake akumwetulira kuti sanajombe, koma magazi akuthamanga monga kale. Mphindi 10 zoyenda mpaka pamsewu n'kubwerera ndi ulendo wokagula buledi, si masewera.

NaBanda_Zomba
Abambo, mfundo yanu ndi yoona ndipo inandichitikira. Mwezi wina wa mvula kalendala yanga inali ya timadontho tokhatokha, ndipo ndinkadziona ngati wolimbikira. Komabe m'zaka zam'mbuyo, kadontho kasanabwere, mvula ikayamba mu Disembala ndinkasiyiratu mpaka Epulo, ndipo kuyambanso kunali kowawa. Chaka chimenecho mvula itatha ndinali ndikudzukabe pa nthawi yake ndipo nsapato zinali pakhomo, choncho kubwerera ku mphindi 30 sikunandivute.

Mphunzitsi_wa_Masewera
A Mkulu akunena zoona kuti kadontho sikapereka phindu lofanana ndi mtanda, ndipo palibe amene ayenera kudzinamiza. Ntchito yake ndi ina: kamasunga nthawi ndi chiyambi cha chizolowezi, kuti kudzuka ndi kuvala nsapato kusaiwalike. Koma kuti khomo limene akulinenalo lisakule, kalendala iyenera kuwerengedwa kamodzi pa sabata, ndipo chowerenga chikhale mphindi, osati masiku otsatizana.

Malangizo a bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO a mu 2020 amati munthu wamkulu azichita masewera apakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, komanso masewera olimbitsa minofu masiku awiri kapena kuposerapo. Onani kuti muyezowo ndi wa pa sabata, si wa pa tsiku. Mitanda isanu ya mphindi 30 ikukwana 150, kutanthauza kuti a Kalaliki akhoza kujomba tsiku limodzi, n'kuika kadontho tsiku lina, ndipo sabatayo n'kukhala yokwanira.

Titenge sabata yongoyerekeza. Lolemba ndi Lachiwiri mitanda. Lachitatu mvula yamkuntho, bokosi lalembedwa kuti mvula. Lachinayi lamulo lija likugwira ntchito, mwatuluka mphindi 10, kadontho. Lachisanu mtanda, Loweruka mtanda, Lamulungu kadontho musanapite kutchalitchi. Mitanda inayi ikupereka mphindi 120, timadontho tiwiri 20, zonse pamodzi 140. Mwapereweza mphindi 10 zokha, ndipo sabata imeneyi ndi yabwino, ngakhale kuti pa foni ya a WakuJoni nambala ikanagwa Lachitatu.

Tsopano tengani sabata ina ya mitanda iwiri ndi timadontho tisanu. Palibe tsiku lojomba, kalendala yadzaza, koma mphindi ndi 110 zokha. Apa m'pamene a Mkulu akuchenjeza. Ine ndimati timadontho tikachuluka kuposa mitanda kwa masabata awiri otsatizana, chimenecho ndi chizindikiro chakuti china chake sichinakhale bwino. Mwina nthawi ya m'mawa yalephereka, mwina mphindi 30 zakula msanga. Ngati ndi choncho, ndi bwino kutsitsa mtanda kufika pa mphindi 20, n'kumawonjezera mphindi zisanu pakapita masabata awiri aliwonse, kusiyana ndi kupitiriza kudzinamiza ndi timadontho.

Mkulu_wa_Chilomoni
Kuwerenga mphindi pa sabata ndakuvomereza. Koma ndikanakonda kuti timadontho tikhale ndi malire olembedwa, tiwiri pa sabata basi, ndipo kachitatu kaziwerengedwa ngati tsiku lojomba.

NaBanda_Zomba
Malire amenewo akanandigwetsa m'mwezi wa mvula uja, chifukwa ndikanaona kuti kadontho kachitatu n'kopanda ntchito ndipo ndikanangogona. Ndikuganiza kuti inu ndi ine tili ndi mitima yosiyana, abambo, ndipo lamulo limodzi silingatikwanire tonse.

Namwino_Mangochi
Ndikufuna kuwonjezera mbali imene sinatchulidwe, chifukwa lamulo losajomba kawiri motsatizana likhoza kuvulaza munthu akalitenga mwakhungu. Ngati thupi latentha, mutu ukuwawa kapena mukumva kuphwanya m'thupi, tsiku limenelo si lojomba ayi, ndipo mawa lake si lotuluka. Pitani mukayezetse malungo. Ngati apezeka, malizani mankhwala onse, ndipo musabwerere kumsewu mpaka kutentha thupi kutatheratu ndipo mwayamba kudya bwino. N'chimodzimodzi ndi kutsekula m'mimba, chifukwa thupi limakhala litataya madzi ambiri. Pa kalendala lembani kuti matenda, ndipo lamulo liime mpaka mutachira. Pobwerera yambani ndi theka la zimene munkachita, masiku angapo, kenako mukwere.

Kwa a Kalaliki makamaka, popeza mwatchula kuthamanga kwa magazi: mukamayenda n'kumva kupweteka kapena kufinya pachifuwa, chizungulire, kapena kubanika kosagwirizana ndi liwiro lanu, imani ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Zimenezo si za kadontho kapena mtanda. Ngati anakupatsani mankhwala, musawasiye chifukwa chakuti kalendala ikuoneka bwino. Ndingakondenso kuti tsiku limene mwapimitsa muzilemba manambala ake m'mphepete mwa kalendala yomweyo, kuti amene akukuonani kuchipatala aone zonse pamodzi.

Kalaliki25
Zikomo kwambiri achemwali. Ndifunsenso kuti kodi ndingadziwe bwanji kuti kuyenda kwanga kukufika pa muyezo wapakatikati umene a Mphunzitsi atchula, popeza ndilibe wotchi yowerenga kugunda kwa mtima?

Namwino_Mangochi
Yesani kulankhula mukuyenda. Ngati mukutha kulankhula ziganizo koma simungathe kuimba nyimbo, liwirolo ndi loyenera. Ngati mukuimba bwinobwino, onjezerani liwiro, ndipo ngati mukulephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu, mwapitirira muyezo umene tikunena.

WakuJoni
Nanga bwanji osangowerenga mapazi? Foni iliyonse masiku ano imawerenga, ndipo madokotala amati 10,000 pa tsiku.

Mphunzitsi_wa_Masewera
Nambala ya 10,000 inatchuka chifukwa cha malonda a kachipangizo kowerenga mapazi ku Japan m'zaka za m'ma 1960, ndipo phindu la kuyenda limayamba munthu asanafike pamenepo. Koma vuto langa ndi lina. Nambala ya mapazi imadziwika madzulo, tsiku litatha, ndipo imasakaniza ndawala ya m'mawa ndi kuzungulira mu ofesi, nthawi zina ngakhale kugwedezeka kwa minibasi. Chizolowezi chimakula msanga chikamangidwa pa chinthu chimodzi chimene chimachitika pa nthawi imodzi ndi malo amodzi. Amene akufuna kugwiritsa ntchito foni agwiritse ntchito, bola akhale ndi polemba chifukwa chimene anajombera.

Mlonda_wa_Usiku
Polemba chifukwa m'pamene ine panandithandiza kwambiri. Ndimagwira ntchito ya mashifiti, ndipo ndinkangodziona ngati waulesi. Nditayang'ana kope langa patatha mwezi ndi theka, ndinaona kuti pafupifupi mabokosi onse ojomba anali a tsiku loyamba ndikachoka pa shifiti ya usiku. Tsiku limenelo ndinalisandutsa lopuma, ndipo ndimalijambula mzere sabata isanayambe. Masewera ndinawachotsa pa ola la wotchi n'kuwamangirira ku kudzuka: kaya ndadzuka m'mawa kaya masana, ndikangosukusula ndimalumpha chingwe kuseri kwa nyumba. Chimene sindikudziwa n'chakuti kodi tsiku lopuma loterelo limawerengedwa ngati kujomba koyamba kapena ayi.

Mkulu_wa_Chilomoni
Ngati linajambulidwa sabata isanayambe, si kujomba. Ngati mwalijambula m'mawa womwewo muli pabedi, ndi kujomba kovala jekete.

Mphunzitsi_wa_Masewera
Apa ine ndi a Mkulu tikugwirizana kwathunthu. Ndingowonjezera kuti tsiku lotsatira lopumalo liyenera kutetezedwa, chifukwa likajombedwa ndiye kuti mwakhala masiku awiri osatuluka. Zikachitika zimenezo, lachitatu likhale la kadontho popanda kukambirana.

Kalaliki25
Ndabwerera ku nkhani ya maliro, chifukwa ndi imene inayambitsa zonsezi. Kumudzi munthu umachezera pa siwa, m'mawa umathandiza kumanda kapena kulandira anthu, ndipo sizingaoneke bwino kuti mwana wa pakhomo avale nsapato zothamangira n'kumazungulira mudzi. Masiku atatu amatha choncho. Kodi lamulo losajomba kawiri lingagwire bwanji ntchito pamenepo?

NaBanda_Zomba
Ine maliro ndimawaika pamodzi ndi matenda: lamulo limaima, ndipo limayambanso m'mawa woyamba nditagona m'nyumba mwanga. Chimene ndimachita ndisananyamuke n'kujambula kabwalo pa tsiku limene ndikuyembekeza kubwerera, n'kusiya nsapato pakhomo. M'mawa umenewo ndi wa kadontho kokha, ngakhale nditamva mphamvu, chifukwa tulo ta masiku angapo timakhala tisanabwezedwe.

Mkulu_wa_Chilomoni
Kumudzi anthu amayenda mtunda wopita kumanda, amatunga madzi, amawaza nkhuni za pamaliro. Amene wagwira ntchito zimenezo aike kadontho mosadziimba mlandu. Koma ndikuopa mndandanda wa zifukwa zoimitsira lamulo. Lero ndi matenda ndi maliro, mawa muwonjezera ukwati, chinkhoswe, msonkhano wa kunyanja ndi alendo ochokera kumudzi, ndipo lamulo lidzakhala loima kuposa loyenda.

Namwino_Mangochi
N'chifukwa chake zifukwazo ziyenera kulembedwa pasadakhale ndipo zikhale zochepa. Kwa ine ndi ziwiri zokha, matenda ndi maliro a pachibale. Ukwati umadziwika miyezi isanakwane, ndipo mphindi 10 zimapezeka anthu asanayambe kuvala.

Kalaliki25
Ndatsitsa kalendala yakale ndipo ndajambula mabokosi atsopano m'kope, kuti pakhale malo olembamo zifukwa ndi manambala a kuchipatala. Pamwamba ndalemba lamulo la mphindi 10, loletsa kubweza, ndi zifukwa ziwiri za achemwali a ku Mangochi. Mtanda ndauika pa mphindi 20 kwa masabata awiri oyamba popeza ndakhala nthawi osayenda, ndipo mphindi za sabata ndiziwonkhetsa Lamulungu madzulo. Za malire a timadontho sindinasankhebe.

Mkulu_wa_Chilomoni
Mitanda isanu ndi iwiri ya mphindi 20 ikupereka 140, choncho masabata awiri oyambawo musadziyeze ndi 150, mungakhumudwe pachabe. Koma malire a timadontho aikeni, ngakhale atakhala atatu.

NaBanda_Zomba
Ine ndikanadikira mwezi umodzi kuti kope lionetse kaye kuti timadonthoto tikugwa masiku ati, kenako n'kusankha malire.

Mlonda_wa_Usiku
Kwa amene timachita masewera a minofu masiku ena, monga mapushapu ndi kunyonyomala, kodi tsiku limenelo tichonge mtanda womwewo, kapena pakufunika chizindikiro chachinayi? Ndikufunsa chifukwa mphindi zake sizifika 30, koma kutopa kwake kumaposa kwa chingwe.